Nkhondo ya Chiwaya: mmene maboma ankagwirira mitima ya anthu zaka zinayi

Pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi, chakufupi ndi mlatho wa Shire, pali mfuti ya Hotchkiss yomwe inachotsedwa pa sitima ya Guendolen. Sitimayi inalumikizidwa konkuno, tawuniyi ikadali Fort Johnston. Pakati pa Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya padziko lonse, yomwe kuno inkatchedwa ya Chiwaya, itangoyamba, Kaputeni Rhoades wa Angerezi anaiyendetsa mpaka ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, nakapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Anawombera, naiwononga pang'ono, n'kugwira kaputeni wake, Berndt, yemwe sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba. Panalibe kumenyana kwenikweni, ndipo sitimayo sinathe ntchito, chifukwa Angerezi anabwererako mu Meyi 1915 kukaimaliza. Koma ku London nyuzipepala inalengeza kuti apambana nkhondo ya pamadzi pa nyanja ya Nyasa.

Onani kuti sananame. Mfuti inaliradi, sitima inalasidwadi. Anangotola kanthu kakang'ono, n'kukapatsa dzina lalikulu, pa nthawi yomwe anthu ankafuna kumva zabwino. Pulopaganda ya nkhondo yaitali nthawi zambiri imayenda chonchi, ndipo amene amaganiza kuti ndi bodza lokhalokha sangaizindikire ikamupeza.

Vuto la maboma mu 1914 linali loti anthu ambiri ankayembekeza nkhondo ya miyezi yochepa. Kukopa mnyamata kuti alembetse usilikali sabata yoyamba n'kosavuta. Ntchito yeniyeni ndi chaka chachitatu, pamene abale ake awiri amwalira, chakudya chakwera mtengo, ndipo mapeto sakuoneka. Ine ndimaona kuti mawu onse omwe boma limalankhula pa nthawi yoteroyo ali ngati ngongole ya pagolosale: mwini sitolo amakulemberabe m'kope malinga ngati nthawi ndi nthawi ukubweza kangachepe. Boma lomwe linkabweza kangachepe, kaya ndi chakudya, tchuthi, kalata kapena choonadi pang'ono, anthu ake anapirira. Lomwe linkangolankhula linapezeka kope latsekedwa.

Choyamba chomwe Angerezi anachita sikunali kulankhula, koma kutseka pakamwa pa ena. Pa 5 Ogasiti 1914, nkhondo itangolengezedwa, anadula mawaya a telegalamu a pansi pa nyanja omwe ankalumikiza Jeremani ndi maiko a kutsidya kwa nyanja. Kuyambira pamenepo nkhani zambiri za ku Ulaya zopita ku Amereka zinkadutsa ku London, komwe ofufuza ankaziwerenga kaye. Pa 8 Ogasiti nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la chitetezo cha dziko lomwe linapatsa boma mphamvu yolanga wofalitsa nkhani zomwe zingathandize mdani kapena kufooketsa anthu. Kenako wandale Charles Masterman anatsegula ofesi yachinsinsi ya pulopaganda ku Wellington House mu London, ndipo pa 2 Seputembala anaitana alembi otchuka a mabuku kuti athandize. Timabuku tawo tinkatuluka kudzera m'makampani wamba osindikiza, popanda chidindo cha boma, chifukwa ankadziwa kuti munthu akaona chidindo amayamba kukayika. Wowerenga ankaganiza kuti akumva maganizo a mlembi yemwe amamukonda.

Kuno kwathu kutseka pakamwa kunaonekera pa John Chilembwe. Nkhondo ya ku Karonga ya pa 9 Seputembala 1914 itapha asilikali akuda mbali zonse ziwiri, Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala chaka chomwecho. Mfundo yake inali yoti nthawi ya mtendere zonse ndi za azungu, koma nkhondo ikafika munthu wakuda ndiye akufunika kukhetsa magazi. Kuti olemera, eni mabanki ndi eni minda ndiwo apite akawomberedwe, osati amphawi omwe akafa amangosiya amasiye. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalikire. Silinayankhe mfundo zake chifukwa linalibe yankho lomwe munthu wa ku Chiradzulu akanalimvetsa. Pa 23 Januwale 1915 kuukira kunayamba, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anaphedwa. Apa pali malire oyamba a kuletsa nkhani: kumachotsa kalata papepala, koma funso limatsala m'mitima, ndipo boma limadzichititsa lokha khungu pa zomwe anthu akuganiza.

Ntchito yachiwiri inali kumujambula mdani kuti anthu aone kuti kuleka nkhondo n'koopsa kuposa kuipitiriza. Ajeremani anaphadi anthu wamba oposa 6,000 ku Belijamu ndi kumpoto kwa Falansa mu 1914, ndipo anaotcha laibulale ya ku Louvain. Zimenezi zinachitika. Boma la Mangalande linapatsa komiti ya Lord Bryce maumboni pafupifupi 1,200 ochokera kwa othawa nkhondo ndi asilikali. Mboni sizinalumbire, maina awo sanalembedwe m'lipoti, ndipo a komitiyo sanakumane nazo maso ndi maso. Lipotilo linatuluka mu Meyi 1915, patangopita masiku ochepa Ajeremani atamiza sitima ya Lusitania n'kupha anthu pafupifupi 1,200, ndipo linamasuliridwa m'zilankhulo pafupifupi 30. Zoona zinasakanizidwa ndi nkhani za ana odulidwa manja zomwe palibe anazitsimikiza. Mu Epulo 1917 anapitirira malire: nyuzipepala za ku London zinalemba kuti Ajeremani akuphika mitembo ya asilikali awo kuti apeze mafuta. Nkhani ya m'nyuzipepala ya ku Berlin yomwe anaitchula ngati umboni inkanena za nyama zakufa, monga akavalo. Mu Disembala 1925 nduna ya za kunja, Austen Chamberlain, inavomereza m'nyumba ya malamulo kuti nkhaniyo inalibe maziko. Mtengo wake unali wowawa kwambiri: mbiri ya kuphedwa kwa Ayuda itayamba kumveka m'ma 1940, ena anaikayikira pokumbukira bodza la 1917 lija.

Nkhani yomwe ikukhudza Mangochi mwachindunji ndi ya Asilamu, ndipo ndiyofunika kuitsata pang'onopang'ono chifukwa ikuonetsa mmene mbali ziwiri zinkalimbirana mtima wa munthu mmodzi. Gulu la King's African Rifles ku Nyasaland linkadalira kwambiri Ayao, ndipo ambiri mwa iwo anali Asilamu ochokera m'madera a mafumu monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi, omwe Angerezi anali atawagonjetsa ndi mfuti zaka makumi awiri zokha m'mbuyomo. Mu Novembala 1914 ufumu wa Ottoman wa Aturuki, womwe unali mbali ya Jeremani, unalengeza jihadi pa Angerezi, Afalansa ndi Arasha. Ajeremani a ku Tanganyika anaona mwayi. Anafalitsa chilengezocho, natumiza amithenga ndi makalata kwa aphunzitsi a Chisilamu a m'mbali mwa nyanja, kuwauza kuti Khalifa, mtsogoleri wa Asilamu wa ku Istanbul, ali nawo ndipo Msilamu sayenera kumenyera Mngerezi.

Uthengawu sunagwire, ndipo zifukwa zake n'zophunzitsa. Wonyamula uthenga anali Mjeremani, Mkhristu, yemwe Ayao ankamudziwa bwino. Nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907, pamene anthu akuda anaukira Ajeremani, inali yaposachedwa, ndipo njala yomwe Ajeremani anaidzetsa kum'mwera kwa Tanganyika pootcha minda inamveka mpaka kuno. Komanso Istanbul inali kutali, pamene bwana wa boma, msonkho ndi ndende zinali pa Fort Johnston. Uthenga wouza munthu kuti aukire popanda kumuonetsa yemwe adzamuteteze mawa lake sumuchotsa pakhonde.

Angerezi anayankha ndi pepala lenileni. Mu 1916 asilikali awo atalanda Moshi, anapeza kalata yomwe bwanamkubwa wa Ajeremani, Schnee, analembera maofesi ake nkhondo isanayambe, kufunsa njira zochepetsera kufala kwa Chisilamu, kuphatikizapo kulimbikitsa kuweta nkhumba. Anaijambula, anaimasulira, n'kuifalitsa pakati pa Asilamu. Chaka chomwecho mu Juni, Sharifu Hussein wa ku Maka anaukira Aturuki, ndipo Angerezi analengeza ponseponse kuti woyang'anira malo oyera ali mbali yawo. Njirayi inali ndi mphamvu chifukwa wokayika akanatha kuona chithunzi cha kalatayo ndi siginecha yake. Sananene, ndithudi, kuti maofesi awo omwe ankawakayikira mashehe ndi kuwalondalonda. Kusankha choonadi chimodzi n'kubisa chinzake ndi luso lomwe lija la ku Sphinxhaven.

Kwa msilikali, mawu ankabwera pamodzi ndi zinthu zogwirika. Magulu olemba anthu usilikali ankayenda m'midzi ndi bandi, malipenga ndi ng'oma, asilikali atavala yunifomu yochapa bwino, akuguba pamaso pa atsikana ndi anyamata. Malipiro a msilikali anali opitirira pang'ono paundi imodzi pamwezi, pamene wa pa esiteti ankalandira mashiling'i ochepa chabe ndipo msonkho wa nyumba unali mashiling'i 8 pachaka. Mafumu ankauzidwa kuti Mjeremani akalowa alanda minda ndi kubweretsa chikoti chake, ngakhale kuti chikoti chinalimonso m'gulu la Angerezi lomwelo. Mnyamata akalowa, zomwe zinkamusunga sizinali nkhani za Mfumu George. Zinali nyimbo zoguba, anzake a m'kampani, sajeni wa mtundu wake, phoso la tsiku ndi tsiku, ndi mantha a chilango. Kukopa kumeneku kunalowa pansi kwambiri moti mpaka lero beni wa kuno, ndi maudindo ake, mapinifolo ndi kuguba kwake, akusungabe maonekedwe a pelete ya asilikali. Anthu a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 anamenya nkhondoyi ngati asilikali.

Koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000, ndipo kwa iwo pulopaganda inalibe chonena. Chifukwa chake chili m'masamu a ulendo. Kumpoto kwa nyanja misewu inali yochepa ndipo kashembe ankapha ng'ombe ndi abulu. Katundu ankafika pa Fort Johnston, n'kukwezedwa pa Guendolen, Chauncy Maples ya amishoni yomwe boma linaitenga, ndi sitima zina, mpaka kumpoto. Kuchokera pamenepo zambiri zinkayenda pamutu kutsatira asilikali a Jenerale Northey. Munthu mmodzi ankasenza makilogalamu pafupifupi 25 ndi kuyenda makilomita 20 kapena kupitirirapo pang'ono patsiku, ndipo iyeyo ankafunika kudya pafupifupi kilogalamu imodzi ya ufa patsiku. Ndiye werengani: ulendo wa masiku khumi kupita ndi khumi kubwerera ukudya makilogalamu 20 mwa 25 aja, ndipo msilikali wa kutsogolo akulandira asanu okha. Mzere ukatalika, pamafunika anthu ena onyamula chakudya cha onyamula anzawo. Akuluakulu a nkhondo ankachepetsa phoso la amtengatenga kuti masamuwo atheke, ndipo zotsatira zake zinali kamwazi, chibayo cha m'mapiri ozizira ndi njala. Ku East Africa konse, kaundula wa Angerezi amasonyeza amtengatenga pafupifupi 95,000 omwe anafa.

Obwerera ankafika m'mudzi ataonda, ali ndi zilonda m'mapewa ndi kumapazi, akutchula maina a omwe atsala m'njira. Palibe bandi yomwe ikanatsutsa zimenezo. Anthu anayamba kugona kutchire, ena kuwolokera ku Mozambiki. Boma linagwiritsa ntchito malamulo a nthawi ya nkhondo kukakamiza mafumu kupereka chiwerengero cha amuna. Mfumu yolephera inkaopsezedwa kuchotsedwa, apolisi ankagwira anthu usiku, ndipo m'malo ena ankasunga akazi mpaka amuna awo adzipereke. Chimenechi ndi chizindikiro chodalirika kwambiri chodziwira kuti mawu a boma afa. Musamvere zomwe likulengeza. Yang'anani kuchuluka kwa apolisi omwe likuwafuna kuti lipeze anthu omwe kale ankabwera okha. N'zopweteka kuti boma lomwelo lomwe ku London linkalemba alembi otchuka kuti akope nzika zake, kuno silinaone chifukwa chokopa aliyense, poti munthu wa ku Malindi kapena ku Namwera analibe voti.

Ku Ulaya, komwe voti inalipo, chaka cha mayeso chinali 1917. Jenerale Nivelle wa ku Falansa analonjeza kuti athyola mzere wa Ajeremani m'maola 48. Anaukira pa 16 Epulo, mzere sunathyoke, ndipo asilikali oposa 100,000 anafa kapena kuvulala m'masiku ochepa. Lonjezo la tsiku lenileni ndi loopsa kwambiri kwa wolonjeza, chifukwa aliyense amatha kuwerenga kalendala. Kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka Juni, kukana malamulo kunakhudza pafupifupi theka la magulu akuluakulu a asilikali. Ambiri sanathawe, ankati ngalande zathu zobisalamo tiziteteza, koma kukaukira ayi.

Akuluakulu anadziwa chomwe chikuwawa chifukwa anali ndi makomiti owerenga makalata a asilikali. Poyamba ntchito yawo inali kufufuta maina a malo, koma anasanduka khutu la boma: ankatola makalata a gulu lililonse, n'kulemba lipoti la zomwe anthu akudandaula. Madandaulo anali a tchuthi chosaperekedwa, chakudya chozizira, mabanja osowa thandizo, ndi nyuzipepala za ku Paris zomwe zinkalemba kuti zipolopolo za Ajeremani sizipweteka. Jenerale Pétain atatenga udindo wa Nivelle pakati pa Meyi, sanabweretse mapositala atsopano. Anaika ndandanda ya tchuthi poyera kuti aliyense aone tsiku lake, masiku 7 pa miyezi inayi iliyonse, kenako anawonjezera kufika pa 10. Anakonza makhitchini ndi malo opumulira, anayendera magulu pafupifupi 90 kukalankhula ndi maofesala ndi asilikali, ndipo anawauza poyera kuti sadzawaponyanso pa kuukira kwakukulu mpaka akasinja ndi Aamereka atafika. Chilango chinaliponso: oposa 500 anaweruzidwa kuti aphedwe, ngakhale omwe anaphedwadi sanafike 50. Chomwe chinabweza gululo ndi malonjezo ang'onoang'ono omwe msilikali akanatha kuwaona akukwaniritsidwa mwezi womwewo.

Angerezi nawo anaphunzira kuti choonadi choyezedwa bwino chimagwira kuposa kubisa zonse. Pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, asilikali awo 19,240 anafa. Mu Ogasiti boma linalola kanema wojambulidwa kunkhondoko, woonetsa ngakhale mitembo ndi ovulala, ndipo matikiti pafupifupi 20 miliyoni anagulidwa m'masabata asanu ndi limodzi. Kanemayo sanaonetse kukula kwa tsokalo, koma anaonetsa zokwanira kuti mayi wotaya mwana amve kuti boma silikumunyoza. Positi ya asilikali inkanyamula makalata pafupifupi 12 miliyoni pa sabata. Kalata yochokera kwa mkazi inkasunga munthu m'ngalande kuposa nkhani ya nduna iliyonse, ndipo boma linkadziwa zimenezo bwino lomwe.

Jeremani inayenda njira ina. Nyengo yozizira ya 1916 mpaka 1917 mbatatesi zinalephera, zombo za Angerezi zinatseka madoko, ndipo anthu a m'mizinda ankadya mpiru wa ziweto. Mu Julayi 1917 Jenerale Ludendorff, mmodzi wa akuluakulu a nkhondo a Jeremani, analamula maphunziro a kukonda dziko m'magulu onse a asilikali: maofesala ankaphunzitsa kuti chipambano chili pafupi ndipo mtendere wa kugwirizana ndi kusakhulupirika. Vuto linali loti wophunzitsayo ankadya ku khitchini ya maofesala pamene omvera ankamwa supu wamadzi, ndipo makalata ochokera kumudzi ankanena za ana anjala. Pa 21 Malichi 1918 anaukira ndi mphamvu zawo zonse, atauza asilikali kuti iyi ndi nkhondo yomaliza ndiponso kuti sitima za pansi pa madzi zawagwetsera Angerezi njala. Atalanda nkhokwe za Angerezi anapezamo nyama ya m'zitini, buledi woyera, fodya ndi mowa. Chitini chimodzi chinafafaniza maphunziro a miyezi isanu ndi itatu. Pofika Ogasiti asilikali ankadzipereka kwa adani m'magulumagulu.

Anthu a kumudzi ku Jeremani sanauzidwe. Malipoti a tsiku ndi tsiku ankangoti asilikali abwerera ku malo okonzedwa kale. Pa 29 Seputembala 1918 Ludendorff anauza Kaiser, mfumu ya Jeremani, kuti pafunika kupempha kuleka nkhondo msanga, ndipo pempholo litadziwika kumayambiriro kwa Okutobala, dziko linadzidzimuka. Anthu omwe kwa zaka zinayi ankamva kuti akupambana, asilikali awo akadali pa nthaka ya Falansa ndi Belijamu, sakanamvetsa kuti agonja bwanji. Akuluakulu a nkhondo omwewo anapereka yankho lokonzeka: gulu silinagonje, labayidwa kumsana ndi andale, ochita sitiraka ndi Ayuda. Pulopaganda yomwe inalephera kupambana nkhondo inapambana pa kufotokoza kugonja, ndipo Hitler anaikwera mpaka pampando.

Nthanoyo inkafuna ngwazi yosagonja, ndipo inaipeza kuno kwathu. Von Lettow-Vorbeck, mtsogoleri wa asilikali a Jeremani ku Tanganyika, anawoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa Mozambiki mu Novembala 1917, zomwe zinachititsa kuti asilikali ndi amtengatenga ambiri adutse pa Fort Johnston kulowera kum'mawa kukamusaka. Anazemba chaka chathunthu, akudya za m'nkhokwe za anthu a m'midzi, mpaka anatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya. Mu Malichi 1919 anakwera kavalo kudutsa pa chipata cha Brandenburg ku Berlin, khamu likumuombera m'manja, ndipo nkhani ya asikari, asilikali akuda okhulupirika omwe ankakonda Mjeremani inagwiritsidwa ntchito zaka makumi awiri pofuna kuti Jeremani ibwezeredwe maiko ake a mu Afirika. Asikari akewo anadikira zaka zingapo asanalandire malipiro awo otsalira. Mbali ya Angerezi, bungwe losamala manda a nkhondo linavomereza mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwina mpaka 350,000, ambiri a iwo a mu Afirika, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ena sanakumbukiridwe n'komwe, pamene mzungu aliyense wodziwika anapatsidwa mwala wake.